Nenani Chimene Mwadzera: Kulembera Imelo Wogulitsa Amene Sakukudziwani

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO IZILALA)

 Lero ndabwera ndi nkhani ya anthu a malonda, a makopaletivi ndi a magulu a alimi, amene tsiku lina mudzafuna katundu ku kampani ya ku Lusaka imene simunagulepo kanthu. Kumeneko sakukudziwani, dzina lanu sanalimvepo, ndipo njira imene akupatsani ndi adiresi ya imelo imene mwaiona pa thumba kapena pa chikwangwani. Funso ndi lakuti: mulembe bwanji kuti akuyankheni?

Yankho langa ndi limodzi, ndipo ndikhala nalo mpaka nthawi yathu ithe. Chimene mukufuna, kuchuluka kwake, kumene chipite ndi tsiku limene mukuchifuna, zonsezi zikhale m'mizere yoyambirira. Mbiri yanu ibwere pambuyo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kupukusa mutu. Ife tinaleredwa kuti ukafika pakhomo pa munthu umaodira, akupatse mpando, mupatsane moni, afunse za kumene wachokera, ndipo malonje amabwera pambuyo. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo sindikuuchotsa. Koma taonani chimene chimauchititsa kukhala wabwino: mwini khomo wakuonani nkhope, wasiya ntchito yake, wakhala pansi chifukwa cha inu. Wowerenga imelo ku Lusaka sanakuoneni ndipo sanakhale pansi chifukwa cha inu. Ali pa desiki ya zogulitsa, foni ikulira, makasitomala ali pa kauntala, ndipo uthenga wanu uli pamzere umodzi ndi mauthenga ena ambirimbiri. Ulemu umene mungamuchitire munthu ameneyu ndi kumuuza msanga chimene mwadzera.

Pali chifukwa chinanso, chimene mungachione nokha pa foni yanu. Tsegulani Gmail, muyang'ane mndandanda wa mauthenga osatsegula ndi umodzi womwe. Pa uthenga uliwonse mukuona zinthu zitatu zazikulu: dzina la wotumiza, mutu wa uthenga, ndi kachidutswa ka mawu oyambirira, kamene kamadukira panjira. Wogulitsa uja amaonanso zomwezo. Pa zinthu zitatu zimenezi ndi pamene amasankha kuti uwu ndiutsegula tsopano, uwu madzulo, uwu ndi wa anthu opempha thandizo. Ndiye ngati mawu anu oyambirira ali ofunsa za moyo, malo okhawo amene akanakugwirirani ntchito mwawataya.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi, tiyende nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti kuno ku Mpanshya kuli gulu la amayi oweta nkhuku za nyama, mabuloyila. Akufuna kuti nkhuku zikhale zokhwima pa 20 Disembala, anthu akamagula za Khrisimasi. Mlembi wa gululo wapatsidwa ntchito yolembera kampani yoswetsa anapiye ndi kugulitsa chakudya cha nkhuku ku Lusaka. Imelo imene anthu ambiri angalembe imamveka chonchi. Pa mutu alemba kuti, "Moni." M'kati alemba kuti:

"Okondedwa bwana, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ogwira nawo ntchito. Ife kuno tili bwino. Ndife gulu la amayi a kumudzi amene tinayamba zaka zingapo zapitazo ndi cholinga chothetsa umphawi ndi kuphunzitsa ana athu. Takumana ndi mavuto ambiri koma sitinafooke. Tamva mbiri yabwino ya kampani yanu ndipo tikufuna kugwira nanu ntchito. Chonde tithandizeni ndi zambiri za katundu wanu."

Mulibe bodza m'kalata imeneyi, ndipo ndi yaulemu. Koma khalani pa mpando wa wogulitsa. Wawerenga mpaka pansi, sanapeze nambala ndi imodzi yomwe. Sakudziwa ngati amayiwa akufuna anapiye, chakudya kapena mankhwala. Sakudziwa ngati ndi anapiye 50 kapena 5,000. Sakudziwa kumene ali. Choopsa kwambiri ndi chakuti mawu a umphawi ndi mavuto, pamodzi ndi mawu akuti "tithandizeni", amupangitsa kuganiza kuti ili ndi pempho la chithandizo chaulere. Amayi amene ali ndi ndalama m'manja, okonzeka kugula, aoneka ngati opemphetsa. Akakhala munthu wachifundo, awatumizira mndandanda wa mitengo ya zinthu zonse. Akakhala wotanganidwa, sayankha.

Tsono imelo yabwino siyambira pa foni ayi. Imayambira pa pepala, ndi masamu. Simungaike cholinga m'mizere yoyambirira ngati inu eni simunachidziwe bwinobwino.

Mlembi uja ayambe kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Buloyila imatenga pafupifupi masabata 6, ndiwo masiku 42, kuti ifike pogulitsidwa. Kuchoka pa 20 Disembala kubwerera masiku 42, tifika pa 8 Novembala. Limenelo ndilo tsiku limene anapiye ayenera kulowa m'khola. Koma dzira la nkhuku limatenga masiku 21 kuti liswe, choncho anapiye a pa 8 Novembala amachokera m'mazira olowetsedwa m'makina cha pa 18 Okutobala. N'chifukwa chake makampani amenewa amafuna kuti anthu azilembetseratu, makamaka nyengo ya Khrisimasi pamene aliyense akuthamangira anapiye. Ndiye imelo ichoke kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo yankho lifike pasanadutse pa 10 Okutobala, kuti kampani iyi ikakhala kuti yadzaza, mpata wofunsa kwina ukhalepo.

Kenako kuchuluka. Khola la amayiwa limakwana nkhuku 300. Tikaika kuti nkhuku imodzi idya pafupifupi makilogalamu 4 kufikira tsiku logulitsa, zonse zidya makilogalamu 1,200. Amenewa ndi matumba 24 a makilogalamu 50. Amayiwa awagawa chonchi: sitata matumba 6, gurowa matumba 9, finisha matumba 9. Kagawidweka kamasiyana malinga ndi kampani yopanga chakudyacho, ndipo wogulitsa akhoza kukukonzerani. Koma amakonza pamene pali nambala yoti aikonze.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tabwereranso omvera, tikukamba za imelo yopita kwa wogulitsa amene sakukudziwani. Masamu tachita, tsopano tilembe.

Poyamba ndi kabokosi kolembedwa kuti Subject, pamene pamakhala mutu. Musakasiye kopanda kanthu, ndipo musalembemo moni. Mlembi wathu alembe kuti: "Koteshoni: anapiye 300 ndi chakudya, Mpanshya." Mwamva kuti mawu olemera ali kutsogolo. Foni imadula mutu wautali, ndiye chimene chili kumapeto ndicho chimatayika. Ngakhale foniyo itadula dzina la malo, wogulitsa waona kale kuti uyu ndi wogula, ndipo akufuna anapiye 300.

Tsopano uthenga weniweni. Mvetserani bwino:

"Moni a ku zogulitsa. Tikupempha koteshoni ya anapiye 300 a mabuloyila a tsiku limodzi, ndi matumba 24 a chakudya a makilogalamu 50: sitata 6, gurowa 9, finisha 9. Anapiye tikuwafuna sabata la pa 8 Novembala ku Mpanshya, boma la Rufunsa, pafupifupi makilomita 200 kuchokera ku Lusaka pa Great East Road. Chonde mutiyankhe pofika pa 10 Okutobala."

Moni alipo, koma ndi wa mawu ochepa. Pambuyo pake pali ziganizo zitatu. Choyamba chikunena chimene akufuna ndi kuchuluka kwake. Chachiwiri chikunena liti ndi kuti. Chachitatu chikunena chimene wowerenga achite ndi tsiku lomaliza. Wogulitsa atalekeza pomwepa, akhoza kutsegula buku la olembetsa, kuona ngati sabata limenelo kuli malo, ndi kuyamba kuwerengera mtengo. Muyeso wa imelo yabwino ndi umenewu: munthu atawerenga ndime yoyamba yokha, kodi angayambe ntchito osakufunsani kanthu?

Ndiime pang'ono pa mawu awiri a m'ndime imeneyi. Oyamba ndi akuti "tikupempha koteshoni". Nenani poyera ngati mukufunsa mtengo kapena mukuoda katundu, chifukwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukalemba kuti "tikufuna anapiye 300", wina akhoza kukulembetsani nthawi yomweyo n'kukutumizirani invoisi, inu musanayerekeze mitengo ndi kwina. Wina akhoza kuganiza kuti mukungofufuza. Mawu akuti koteshoni amauza wogulitsa pepala limene akonze, lokhala ndi mtengo wa chinthu chilichonse ndi masiku amene mtengowo ukhale usanasinthe.

Achiwiri ndi a malo. Ife amene tili kuno timaona ngati Mpanshya amamudziwa aliyense, chifukwa cha chipatala cha mishoni cha St Luke's ndi mfumu yathu. Koma kalaliki wa ku Lusaka akhoza kukhala woti sanadutsepo Chongwe. Akawerenga mothamanga akhoza kuganiza za Luanshya ku Copperbelt, kumene ndi njira ina kotheratu. Ngakhale Rufunsa weniweniyu anakhala boma payekha mu 2012, kale anali mbali ya Chongwe. Tsono tchulani boma, tchulani msewu, tchulani mtunda. Kutchula msewu kuli ndi phindu lina. Kampani ikakhala ndi galimoto yopita ku Nyimba, ku Petauke kapena ku Chipata, galimotoyo imadutsa pa mphambano yathu. Wogulitsa akaona dzina la msewu m'chiganizo chachiwiri, amadziwa nthawi yomweyo kuti katundu wanu akhoza kukwera nawo.

Ndime yachiwiri ndi pamene tsopano munena kuti ndinu ndani, ndipo munene zokhazo zimene zikuthandiza wogulitsa kukukhulupirirani ngati wogula:

"Ndife kopaletivi yolembetsedwa ya alimi a nkhuku, ndipo tili ndi khola la nkhuku 300. Tidzalipira zonse katundu asananyamuke. Tikakhutira, tizigula chimodzimodzi miyezi iwiri iliyonse."

Mwaona kuti za chaka chimene gulu linayamba ndi mavuto amene linadutsamo zachoka. Zatsala zitatu: ndinu gulu lodziwika ku boma, mulipira motani, ndipo mudzabweranso. Koma pa chomalizachi nenani zoona zokhazokha. Musalonjeze anapiye 1,000 mwezi ndi mwezi kuti akutsitsireni mtengo pamene khola lanu ndi la 300. Mukabwera kachiwiri ndi oda yaing'ono, mawu anu adzakhala atapepuka. Ndipo ngati mukufuna kutenga pa ngongole, kalata yoyamba si malo ake. Munthu amene sanakugulitseniko kanthu sangayambe ndi kukukongozani, ndipo pempho limenelo likhoza kutseka khomo limene likanatseguka.

Ndime yachitatu ndi ya mafunso. Akhale ochepa, funso lililonse pa mzere wake, lili ndi nambala yake. Mlembi wathu afunse atatu:

"1. Kodi mumabweretsa katundu pa mphambano ya Mpanshya, ndipo mtengo wake ndi wotani? Ngati simubweretsa, kodi ejenti wanu wapafupi ali kuti?
2. Kodi anapiye amabwera atalandira katemera uti, ndipo wa chitopa ndi wa gumboro tiwapatse liti?
3. Kodi polembetsa mumafuna ndalama zingati zoyambira?"

Manambalawa ali ndi ntchito. Mafunso akakwiririka m'ndime imodzi yaitali, woyankha amayankha loyamba kapena lomaliza, apakati n'kuiwala. Akakhala ndi manambala, amayankha limodzilimodzi, ndipo inu mumaona msanga limene walumpha. Taonaninso funso loyamba lija, lili ndi khomo lachiwiri. Kwa kampani yaikulu, anapiye 300 ndi oda yaing'ono, ndipo akhoza kukuuzani kuti mugule kudzera kwa ejenti. Yankho limenelo si kukana ayi, ndi njira. Mukalifunsiratu, mwapulumutsa sabata lathunthu lolemberana.

Pomaliza lembani "zikomo", dzina lanu lonse, udindo wanu m'gulu, ndi nambala ya foni imene imagwira. Poti netiweki kuno imavuta malo ena, onjezani kuti nambalayo ili pa WhatsApp, kapena nenani nthawi imene mumapezeka. Imelo yonse yathera pamenepa, ndipo ikukwana pa foni osatsetsereka kwambiri.

Ambiri mwa inu mudzalemba m'Chingerezi, poti ndicho chimayenda m'maofesi a ku Lusaka. Dongosolo ndi lomweli, silisintha. Ndipo kwa amene Chingerezi chimakuvutani, dongosololi ndi lokuthandizani, chifukwa ziganizo zifupizifupi zokhala ndi manambala sizisowa galamala yambiri. Wogulitsa sakuchongani mayeso. Akufuna aone 300, aone 24, aone 8 Novembala. Mukapempha mwana wa sukulu kapena mphunzitsi kuti akulembereni, mupatseni pepala la masamu lija, ndipo mumuuze kuti asaonjezere mawu okometsera kutsogolo.

Musanatumize kwa wogulitsa, yesani kaye. Tumizani imeloyo ku foni ya mnzanu, ndipo ayang'ane osaitsegula. Mufunseni kuti, pa zimene ukuona apa, ndikufuna chiyani? Akayankha kuti anapiye 300, mwakhoza. Akayankha kuti sindikudziwa, bwererani mukakonze. Pomwepo muonenso dzina limene likutuluka ngati wotumiza. Ambiri tinatsegulitsa imelo kalekale pogula foni, ndipo pamatuluka dzina lachibwana kapena la mwana amene anatitsegulira. Likonzeni likhale dzina lanu lenileni kapena la gulu.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakwirira cholinga ngakhale mutachilemba bwino. Choyamba ndi kulemba kalata pa pepala, kuijambula, n'kutumiza chithunzicho m'imelo yopanda mawu. Pa mndandanda uja sipaoneka kanthu, ndipo anthu a m'maofesi amaopa kutsegula zomata zochokera kwa munthu wosamudziwa. Lembani mawuwo m'thupi la imelo momwemo. Satifiketi ya gulu ndi nambala ya msonkho ya ku ZRA, imene timati TPIN, mudzatumiza akazifunsa. Chachiwiri ndi kuika maadiresi a makampani asanu pa mzere umodzi wa To, ndi mutu wa zilembo zikuluzikulu wofuula kuti ndi zamsanga. Uthenga wotero umafanana ndi wa anthu achinyengo, ndipo ukhoza kugwera mu Spam. Kufunsa makampani angapo ndi nzeru, koma iliyonse muilembere payokha.

Nanga mudziwa bwanji kuti imelo yanu sinagwire ntchito? Yankho lenilenilo limakuuzani. Akakufunsani kuti "mukufuna angati?", nambala inasowa kapena inabisika pansi. Akakufunsani kuti "muli kuti?", malo simunawafotokoze. Akakutumizirani mndandanda wa mitengo ya zinthu zonse popanda mawu, sanaone pempho lenileni. Koma akayankha kuti sabata la pa 8 Novembala ladzaza, kuli malo pa 15, dziwani kuti imeloyo yagwira ntchito yake. Mwalandira yankho loti mukhoza kukhalira pansi ndi gulu: kodi tilole nkhuku zikhwime pa 27 Disembala tigulitse za Chaka Chatsopano, kapena tifunse kwina?

Pakadutsa masiku atatu a ntchito muli chete, imbani foni ku kampaniyo. Apa mutu uja ukuthandizaninso. Munena kuti, "Ndinatumiza imelo Lolemba, mutu wake ndi koteshoni ya anapiye 300, Mpanshya," ndipo kalaliki aipeza pomwepo. Imelo ya mutu wakuti "Moni" sangaipeze. Mukafuna kukumbutsa polemba, yankhani pa uthenga womwe uja kuti zonse zikhale pamodzi, ndipo chiganizo choyamba chibwereze pempho ndi tsiku.

Dongosolo limeneli lili ndi malire ake, ndipo ndiwanene. Silitsitsa mtengo, ndipo silikutsimikizirani kuti amene wayankha ndi woona mtima. Koteshoni ikabwera, onani kuti ili ndi dzina la kampani, ndipo akaunti yolipirako ili m'dzina lomwelo. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena pa MTN ku nambala ya munthu, imbani kaye ku nambala ya kampani imene mwaipeza nokha, mufunse ngati munthuyo ndi wawo. Ndalama za gulu ndi thukuta la anthu ambiri.

Inu a hadiweya, a magolosale ndi a zigayo, sinthani katundu yekha. Wofuna malata anene chiwerengero, kutalika kwake m'mamita, geji yake ndi mtundu wake m'chiganizo choyamba. Wofuna sefa ya chigayo anene mtundu wa chigayocho ndi saizi ya mabowo.

Tsono amene muli ndi cholembera, lembani izi. Pa mutu: koteshoni, katundu, nambala, malo. Ndime yoyamba: chiyani ndi zingati, liti ndi kuti, ayankhe pofika liti. Ndime yachiwiri: ndinu ndani ndipo mulipira bwanji. Ndime yachitatu: mafunso a manambala. Pansi: dzina, udindo ndi foni. Amene mukufuna nkhuku za Khrisimasi, khalani pansi ndi gulu lanu Seputembala asanathe, muchite masamu a khola ndi a matumba, kuti sabata loyamba la Okutobala imelo ikhale itapita.

 

(NYIMBO YOTSEKERA)